Mapepala a geni ya mpunga: zoti musunge pa nkhani ya msonkho, komanso mpaka liti

Alamu anga amachita geni ya mpunga kuno ku Salima, amagula wosapuntha kwa alimi cha ku Lifuwu, nthawi zina amafika mpaka ku Nkhotakota uko akamva kuti mtengo watsikako, kenako amakapunthitsa ku chigayo nkumagulitsa. Ali ndi kashopu pa Kamuzu Road komanso amapereka mpunga ku sukulu ina yogonera konko ndi malo ena ogona alendo ku Senga Bay. Pomwe anapeza oda ya kusukuluyo anauzidwa kuti abweretse TPIN, nambala ya wolipira msonkho, anakalembetsa ku MRA, basi kuchokera tsiku limenelo anakhala munthu woti chaka chilichonse azipereka ritani ya msonkho, fomu yonena zomwe geni yapeza pa chakacho. Ine ndi amene ndimawathandiza mabuku, ndipo chaka choyamba chija anandibweretsera jumbo ya mapepala, ena ofufutika, ena odyedwa ndi chiswe, ena a zinthu za kunyumba, ndipo pa mpunga wonse anagula kwa alimi panalibe pepala olo limodzi. Ndinawafunsa kuti alamu, nanga mpunga wonsewu munagula ndalama zingati? Anati zonse zili mmutumu. Ndiye ndikufuna ndifotokoze bwinobwino chifukwa anthu ambiri a geni ngati iyi akutaya ndalama pa chinthu choti hadikava imodzi ndi buku la kaboni zikanatha kukonza.

Choyamba timvetsetsane chomwe msonkhowu umawerengera. Kwa munthu amene akupereka ritani ya bizinesi, msonkho sukhala pa ndalama zonse zomwe mwagwira ayi, umakhala pa phindu, kutanthauza zomwe mwagulitsa kuchotsapo zomwe mwawononga poyendetsa geniyo. Koma apa ndi pomwe pagona nkhani. Zomwe mwagulitsa nzosavuta kuti a MRA azidziwe, makamaka ngati mukupereka katundu ku sukulu kapena kampani, chifukwa iwowo amalemba mmabuku mwawo kuti talipira uje ndalama zakuti, ndipo zadutsa ku banki. Pomwe zomwe mwawononga palibe wina angakuikireni umboni, ndinu nokha. Mukanena kuti ndinagula mpunga wa 6 miliyoni koma mulibe chosonyeza, odita, wofufuza mabuku wa ku MRA, ali ndi mphamvu yokana ndalama imeneyo nkuwerengera msonkho monga akuonera iyeyo. Ndiye pepala lililonse la zomwe mwagula ndi ndalama ndithu, likasowa mumalipira msonkho pa phindu lomwe simunapeze.

Pali msonkho wina wa mabizinesi ang'onoang'ono kwambiri, pulezamputivu, omwe unabwera mu 2021 kwa omwe malonda awo pa chaka sapitirira K12.5 miliyoni, umenewo amangoona kuti mwagulitsa zingati pa chaka nkukuikani mgulu. Olo mutakhala kumeneko buku la zogulitsa likufunikabe, apo ayi mudzasonyeza bwanji kuti muli mgulu lakuti. Koma munthu wa mpunga wopereka ku sukulu malire amenewo amawadutsa mmiyezi iwiri yokha, ndiye tikambe za iyeyo.

Tiyeni titenge mwezi umodzi, Julaye, nthawi yomwe mpunga wachuluka. Manambalawa ndawazungulitsa kuti masamu asavute, mitengo yeniyeni inu mukuidziwa mmene ikusinthira. Alamu agula matumba 100 a mpunga wosapuntha, lililonse makilo 50, pa K60,000 thumba. Ndiye K6,000,000 yatuluka. Kuchigayo alipira K400,000, thiransipoti yochokera kumidzi kufika pa boma K250,000, anyamata okweza ndi kutsitsa K60,000, masaka atsopano K90,000, lendi ya shopu K100,000. Zonse pamodzi K6,900,000. Pa makilo 5,000 a wosapuntha aja atuluka makilo 3,250 a mpunga woyera, enawo apita ku mankhusu ndi madeya. Ku sukulu apereka makilo 2,000 pa K2,500, ndiye K5,000,000. Mushopu agulitsa makilo 1,000 pa K2,600, ndiye K2,600,000. Zogulitsa zonse K7,600,000, ndipo makilo 250 atsala mu sitoko.

Munthu wongoona pamwamba ati phindu ndi K700,000, koma ayi, makilo 250 otsala aja si ndalama yotayika, ndi katundu woti adzagulitsidwa. Kilo iliyonse yawadyera pafupifupi K2,100 kuti ifike mushopu, ndiye sitokoyo ndi ya K525,000, ndipo phindu lenileni la mweziwo ndi K1,225,000. Nchifukwa chake tsiku lomaliza la chaka cha bizinesi yanu mumayenera kutseka shopu kwa ola limodzi, kuyeza zonse zomwe zatsala, kulemba pa pepala, deti, nkusaina. Pepala limenelo anthu ambiri sakhala nalo, ndipo simungalipange pambuyo chifukwa mpungawo umakhala utapita kale.

Tsopano taonani zomwe zimachitika ngati pa matumba 100 aja, 40 anagulidwa pansi pa mtengo wa mango kumudzi, kashi mmanja, opanda cholemba. Matumba 40 ndi K2,400,000. Ndalama imeneyo ikakanidwa, phindu la pa pepala likuchoka pa K1,225,000 kufika pa K3,625,000, pafupifupi katatu, mwezi umodzi wokha. Muwerengere nyengo yonse yogula kuyambira Meyi mpaka Ogasiti muone mmene zingakhalire. Ine zimenezi zimandipweteka kwambiri chifukwa munthuyo sanabe, sananame, mpunga anaguladi, anangosowa pepala basi.

Ndiye mlimi alibe risiti, tonse tikudziwa, nanga titani? Mupange nokha. Gulani buku la marisiti la kaboni lija, la manambala otsatizana, amagulitsa mmashopu a zolembera. Munthu aliyense amene mwamugula mpunga mulembe deti, dzina lake lonse, mudzi ndi mfumu yake, nambala ya foni ngati ali nayo, makilo angati, mtengo pa kilo, ndalama yonse, kenako asaine kapena adinde chala. Lapamwamba mupatseni, lakaboni litsale mubuku. Alamu poyamba ankati alimi akana, aziopa kuti tikuwalembetsa zinazake. Ena anakanadi masiku oyamba, koma ambiri anayamba kulikonda pepalalo chifukwa akafika kunyumba amaonetsa kuti ndagulitsa makilo akuti pa mtengo wakuti, mikangano ya pabanja imachepa. Kathabwa ka inki kodindira chala kaziyenda mchikwama limodzi ndi sikelo. Ndipo musang'ambe tsamba mukalakwitsa, ingodulani mzere nkulemba kuti lalakwika, lisiyeni momwemo, chifukwa nambala ikadumpha funso loyamba limakhala loti tsamba ili lili kuti.

Pepala lolemba nokha lili ndi malire ake, ndisakunamizeni. Munthu akhoza kukhala pansi usiku umodzi nkudzaza buku lonse ndi mayina opeka, ndipo a msonkho amadziwa zimenezo. Chomwe chimapatsa mphamvu buku lanu ndi choti ligwirizane ndi mapepala ena omwe simunalembe inu. Ngati buku likuti pa 8 Julaye munagula matumba 30, pakhale sitetimenti yosonyeza kuti pa 7 kapena pa 8 munatapa ndalama pafupifupi K1,800,000, pakhale kapepala ka dalaivala yemwe ananyamula matumba 30 tsiku limenelo, pakhale risiti ya kuchigayo yosonyeza makilo 1,500. Zinthu zinayi zikamayankhula chimodzimodzi palibe angatsutse. Risiti ya kuchigayo ndiyo ndimaikonda kwambiri, muziumirira kuti alembepo makilo olowa ndi makilo otuluka, osangoti ndalama yokha. Imateteza mbali ziwiri, imasonyeza kuti mpungawo unalipodi, komanso imafotokoza chifukwa chomwe munagula makilo 5,000 koma mwagulitsa ochepera. Popanda imeneyo wina akhoza kufunsa kuti makilo 1,750 enawo munagulitsa kuti osalemba.

Dalaivala ndi anyamata aganyu chimodzimodzi, asaine mubuku lomwelo, nambala ya galimoto ilembedwe. Lendi, eni nyumba azikupatsani risiti mwezi ndi mwezi, ndipo pangano la lendi likhale lolemba. Matikiti a msika a khonsolo, laisensi ya bizinesi, zonsezo sungani.

Tibwere ku mbali yogulitsa. Mushopu simungalembere risiti aliyense wogula kilo imodzi, koma madzulo aliwonse musanatseke lembani mu hadikava mzere umodzi, deti, makilo omwe atuluka, ndalama ya kashi, ndalama ya pa foni, ndi ngongole ngati wina watenga osalipira. Tsiku lomwelo, osati Loweruka, chifukwa pofika Loweruka mudzakhala mukungopeka. Wangongole akhale ndi tsamba lake kumapeto kwa buku. Ndipo ngongole ija ndi malonda a tsiku lomwe katundu watuluka, akadzabweza musadzailembenso ngati malonda atsopano, ndaonapo anthu akudziwerengera kawiri nkudzikweza okha msonkho.

Ku sukulu ndi kumalo ogona alendo kuja ndiye kumafunika mapepala anayi pa oda iliyonse, ndipo muziwaphatikiza ndi sitepula limodzi. Pepala la oda lomwe iwo akupatsani, deliva noti yosainidwa ndi amene walandira katundu ku sitolo kwawo, invoisi yanu yokhala ndi TPIN, ndi lachinayi lomwe ndikufuna ndikhalitsepo, setifiketi ya msonkho wodulidwiratu, uja timangoti withiholodingi.

Zimayenda chonchi. Mabungwe ngati amenewa akamakulipirani lamulo limawauza kuti adule kachigawo nkukapereka ku MRA mdzina lanu, pa katundu ngati ameneyu kwa zaka zambiri yakhala 3 peresenti. Ndiye pa invoisi ya K5,000,000 ija ku akaunti kwa alamu kunalowa K4,850,000, K150,000 inadulidwa. Alamu anabwera atakwiya kuti andibera. Ndinati ayi alamu, sanakubereni, ndalama imeneyo ndi msonkho wanu womwe mwalipiriratu, pa mapeto a chaka idzachotsedwa pa zomwe mukuyenera kulipira, ndipo ngati zodulidwazo zaposa msonkho wanu wonse mukhoza kupempha kuti zotsalazo zibwezedwe kapena zisungidwe ku dzina lanu. Koma zonsezi zimatheka pokhapokha pali umboni woti inadulidwadi ndipo inapita pa TPIN yanu. Chaka choyamba chija anapereka mpunga kasanu ndi kamodzi koma masetifiketi tinapeza awiri okha. Enawo tinayenda mpaka kutopa, akauntanti yemwe ankalipira anali atachoka ntchito, watsopano akuti sindikuzidziwa, zinatenga miyezi kuti zituluke. Ndiye lamulo lomwe tinaika ndi loti malipiro akangolowa, sabata yomweyo pitani mukafunse setifiketi, muone ngati dzina ndi TPIN zalembedwa molondola, nambala imodzi ikalakwika ndalama yanu yapita kwa munthu wina. Odulawo amayenera kupereka ndalamayo ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndiye ukadutsa mwezi muli ndi chifukwa chokwanira chofunsira. Cholakwika china chomwe chimachitika apa, mubuku la zogulitsa lembani K5,000,000 yonse, osati K4,850,000 yomwe yalowa, kenako K150,000 ilembedwe payokha ngati msonkho wolipiriratu. Mukalemba yochepayo manambala anu sagwirizana ndi omwe sukulu yapereka, ndipo kusiyana kumeneko ndi komwe kumaitana mafunso.

Za ndalama za pa foni ndinenepo pang'ono chifukwa masiku ano theka la geni likudutsa pa Airtel Money ndi Mpamba. Mameseji aja si malo osungira, foni imagwa mmadzi, imabedwa, mwana amafufuta. Ngati mungathe khalani ndi nambala ya geni yokha, yosiyana ndi yomwe achibale amatumizirapo za maliro ndi za fizi, chifukwa ndalama iliyonse yolowa pa nambala yomwe mumalandirirapo malonda imaoneka ngati malonda mpaka mutasonyeza kuti si choncho. Mlongo wanu wa ku Joni akatumiza K500,000 yoti mumangire mayi nyumba nkulowa mu akaunti ya bizinesi, lembani tsiku lomwelo kuti ndi ya chani ndipo sungani uthenga wake. Ngongole ya ku banki mkhonde chimodzimodzi, si malonda, koma pakhale pepala la gulu losonyeza kuti munabwereka. Pa malipiro akuluakulu koperani nambala ya thiranzakishoni ija mu hadikava, ndipo miyezi itatu iliyonse tengani sitetimenti ya ku banki ndi ya pa foni muisindikize.

Mbali inayo ndi ndalama zomwe mumatapa mu geni kupita nazo kunyumba. Palibe choletsa, geni ndi yanu, koma fizi ya mwana, ndiwo, chopereka cha ku tchalitchi kapena ku mzikiti, zimenezo si zowonongera bizinesi ndipo sizichotsedwa pa phindu. Zikhale ndi tsamba lake lolembedwa kuti zotenga mwini. Thumba la mpunga lomwe mwapititsa kunyumba lilembedwenso pomwepo, apo ayi sitoko sidzagwirizana. Njinga yamoto ngati imagwira za geni komanso za pakhomo, mafuta ake musawaike onse ku geni, gawani mwachilungamo ndipo lembani mmene mwagawira.

Tsopano funso lomwe aliyense amafunsa, mapepalawa ndisunge mpaka liti. Nambala yoti muigwire ndi zaka zosachepera 6, ndipo nzogwirizana ndi nthawi yomwe a MRA akhoza kubwerera mmbuyo kukaunikanso msonkho wa chaka chomwe chinadutsa. Ine ndimauza aliyense kuti asunge zaka 7 zathunthu, ndipo kuwerenga kwake musayambire pa deti la risiti. Tiyerekeze mpunga uja unagulidwa mu Julaye 2025 ndipo chaka cha bizinesi yanu chimatha pa 31 Malichi 2026. Ritani imayenera kupita pasanathe masiku 180 chaka chitatha, ndiye cha kumapeto kwa Seputembala 2026. Katoni ya chaka chimenecho lembanipo ndi maka kuti osataya mpaka 2033 itatha, basi simudzavutikanso kuwerengera. Ndipo dziwani kuti malire a zakawa amateteza munthu amene anapereka ritani yoona. Ngati pali chinyengo kapena kubisa dala, akhoza kubwerera mmbuyo kupitirira pamenepo. Komanso ngati chaka china chili pa mkangano, mwadandaula kapena odita sanatseke, mapepala a chaka chimenecho sakutayidwa olo zaka zitakwana, mpaka nkhaniyo ithe.

Pali ena omwe salowa mu katoni ya chaka nkomwe. Chilichonse chachikulu chomwe mwagulira geni, sikelo ya pulatifomu, njinga yamoto, makina osokera masaka, mwina tsiku lina chigayo chanuchanu, mtengo wake suchotsedwa wonse chaka chimodzi, umachotsedwa pang'onopang'ono kwa zaka zingapo, ndipo mukadzachigulitsa adzafuna kudziwa kuti munagula zingati. Ndiye risiti yake isungidwe nthawi yonse yomwe chinthucho muli nacho, kuonjezapo zaka 7 zija mutachigulitsa. Pamodzi ndi amenewo ikani setifiketi ya TPIN, ya kulembetsa bizinesi, makope a maritani onse omwe munapereka, marisiti olipirira msonkho kuphatikizapo wolipiriratu miyezi itatu iliyonse chaka chisanathe, ndi kalata iliyonse yochokera ku MRA. Olo mukupereka kudzera pa Msonkho Online, koperani nkusindikiza, musadalire kuti zili mu sisitemu. Amenewa ine sinditaya nkomwe, fayilo yake ndi yopyapyala, sidya malo.

Kusunga zaka 7 kuno kunyanja si nkhani yaing'ono. Marisiti a makina aja, a pepala loterera ngati a pa filing'i siteshoni ndi mmashopu akuluakulu, ndi kutentha kwa Salima mu Okutobala amayera mbee pakangopita miyezi yochepa, mumapeza kapepala koyera kopanda chilembo. Amenewo ajambuleni pa foni tsiku lomwelo, ndipo akuluakulu apangitseni fotokope nkuphatikiza ndi oyambawo. Musawaike padzuwa, musawasiye mu dashibodi ya galimoto, ndipo musawamate ndi selotepi pamwamba pa zilembo chifukwa pomwe padutsa tepi ndi pomwe pamayamba kufufutika. Zithunzizo zisakhale mufoni mokha, zitumizeni ku imelo kapena kwa munthu wina wodalirika mwezi ndi mwezi. Katoni wamba pansi pa bedi ndi chakudya cha chiswe ndi makoswe, ndipo madzi akalowa mnyumba nthawi ya dzinja ndi yoyamba kunyowa. Alamu pano amagwiritsa ntchito ndowa ya pulasitiki ya chivindikiro, malita 20 ija, chaka chilichonse ndowa yake, mkati maenvulopu 12 a mwezi ndi mwezi, ndipo ndowazo zili pa thandala mmwamba, osati mushopu momwe muli mpunga chifukwa komwe kuli mpunga makoswe sasowa.

Pomaliza mwezi timakhala pansi ndi alamu ola limodzi kuyesa ngati mabuku ali bwino, ndipo mayeso ake ndi a makilo, osati a ndalama. Makilo omwe analipo poyamba mwezi, kuphatikiza omwe atuluka kuchigayo, kuchotsa omwe agulitsidwa ndi omwe apita kunyumba, yankho lake lifanane ndi zomwe sikelo ikunena mu sitoko. Mwezi wa Julaye uja buku linati 250, sikelo inati 238. Makilo 12 pa 3,250 ndi zotayika poyeza ndi pothira mmajumbo, tinalemba choncho nkusaina. Koma mwezi wina kusiyana kunafika makilo 150, tinafufuza mpaka tinapeza kuti matumba atatu anapita ku Senga Bay madzulo ena mnyamata wa mushopu ali yekha, deliva noti sinalembedwe, invoisi sinapite, ndipo kumeneko anali asanalipire chifukwa palibe anawatumizira pepala. Mawa lake alamu anakwera kabaza ndi buku la kaboni kukasainitsa, invoisi ya K375,000 inalipidwa sabata yotsatira.